Makapu Awiri, Anthu Atatu

Ambiri a ife amene tinakulira m'makomboni a Lusaka tili ndi kwathu kuwiri. Kwina ndi ku Mtendere, Kalingalinga, Chawama kapena Matero kumene tinabadwira. Kwina ndi kumudzi kumene makolo athu amakumbuka akamadya nsima ya ufa wogula. Kwa ife a kum'mawa, cimene cimalumikiza malo awiriwa ndi mseu wa Great East, wa makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata. Ukapitirira Chongwe ndi Rufunsa umalowa m'mapiri, nutsikira ku mlato wa Luangwa umene unamangidwa mu 1968, kenaka ukweranso mapiri ena mpaka ku Nyimba. Cigawo ca mapiri cimeneci ndico cinkatha mabasi masiku amene mseu unali usanakonzedwe. Munthu aliyense wa msinkhu wanga ali ndi nkhani ya usiku umene anagona panjira. Nkhani yanga ndi ya khukhi wina amene anadyetsa anthu 67 usiku umodzi, pamene mosungira zakudya mwake munali ufa wosakwanira ngakhale theka la anthuwo.

Munali mu Ogasiti 1992, masukulu atatsekera. Acinyamata a lero mwina munangomva kwa makolo za caka cimeneco. Mvula inadula cimanga cisanakhwime, ndipo m'midzi yambiri nkhokwe zinali mbee. Dziko linadalira cimanga cacikasu cocokera kunja, makamaka ku Amereka. Zaka zonse cakudya cinkacokera kumudzi kubwera kutauni: nshawa, nyemba, kandolo ndi nkhuku. Caka cimeneco zinthu zinatembenuka, a kutauni ndiwo ankatumiza ufa kumudzi. Ine ndinali ndi zaka 16, ndipo amai anandituma kwa ambuya kufupi ndi Katete ndi thumba la ufa wa rola la makilogalamu 25. Amai anasoka kukamwa kwa thumbalo kawiri ndi ulusi wa saka, nalemba dzina la mudzi pambali pake. Mau ao otsiriza pa siteshoni anali akuti, "Thumba ili likafike monga lacokera kuno. Usatsegule, usabwereke munthu, usaligonere."

Tinawoloka Luangwa dzuwa litapendeka. Titakwera mapiri a kutsidya kwa nthawi ndithu, basi inayamba kununkha ngati nsapato yopserera, kenaka inangolira cabe osayenda. Adalaivala anati kilachi yapsa. Panalibe foni m'thumba mwa munthu aliyense masiku amenewo, cotero kondakitala anakwera lole yobwerera ku Lusaka kukafuna citsulo cina, ndipo tonse tinadziwa kuti kubwera kwake ndi mawa. Kugona m'basi anthu anakana. Mseu pamenepo uyenda pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo nkhondo ya kumeneko inali isanathe, pakuti pangano la mtendere linasainidwa mu Okutobala caka comweco. Anthu a pamudzi wapafupi anatilozera nyumba ya alendo imene inali patsogolo pang'ono. Tinasiya adalaivala ndi amuna atatu kulonda katundu, enafe tinayenda mumdima, ana ali kumbuyo.

Nyumbayo inali ya zipinda zisanu ndi cimodzi, khonde lalitali, ndi khichini ya udzu kuseri. Mwini wake sankagona pamenepo. Tinapeza mlonda ndi bambo wina wacikulire, wamfupi, wobvala jekete yoyera imene kolala yake inali itatha. Ameneyu ndiye anali khukhi. Ndinamva pambuyo pake kuti anagwira nchito yophika m'nyumba za ku Kabulonga zaka zambiri akukhala ku Kalingalinga, ndipo atakalamba anabwerera kufupi ndi kwao. Anatiyang'ana ndi nyali m'manja, ndipo funso lake loyamba linatidabwitsa.

"Basi yanu icokera kuti, ku Lusaka kapena ku Chipata?"

Titayankha kuti ku Lusaka, anagwedeza mutu nati, "Ndiye kuti shuga ulipo, saladi alipo, ufa ulipo. Tidzadya."

Ndinazindikira pambuyo pake cifukwa cake anafunsa cotero. Munthu amene wakhala m'mbali mwa mseu adziwa kuti basi iliyonse ndi nkhokwe yoyenda, ndipo zimene zili pamwamba pake zidalira kumene icokera. Yocokera kum'mawa ikadakhala ndi nyemba, nshawa ndi nkhuku, koma yopanda mafuta ndi shuga. Yathu inali ndi zinthu za m'sitolo. Asanayatse moto n'komwe, akhukhi anali atadziwa kale cimene adzaphika.

Cinthu coyamba cimene anacita ndi kuwerenga anthu. Sanawerenge mwa kungoponya maso ai. Anatiuza kukhala pansi pa khonde, nayenda ndi nyali kuloza mmodzimmodzi, nafunsanso za amene anatsala kubasi. Akulu tinali 53, ana 14. Kenaka anaitana anyamata atatu kuti timuthandize, ine ndinali mmodzi wa iwo, ndi amai awiri amene anadzipereka okha. M'khichini anatenga kapu yacitsulo, yaikulu ija yolowa theka la lita, naikweza m'mwamba.

"Tamverani, adzukulu. Makapu awiri a ufa adyetsa akulu atatu. Sakhuta mpaka kumasula lamba, koma agona. Ana awiri tiwerenga ngati wamkulu mmodzi. Ndiye muli angati?"

Ine, mwana wa giredi 10, ndinayankha kuti 60.

"Makapu angati?"

"Makapu 40, atate."

"Eya, sukulu ili ndi nchito."

Kapu yotere imalowa ufa pafupifupi magalamu 300, ndiye kuti munthu mmodzi analandira magalamu 200, ndipo tonse pamodzi tinafunika makilogalamu 12, pafupifupi theka la thumba. Akhukhi anapima ufa umene unali m'thini ya mwini nyumba tikuona, ndipo unakwana makapu 16. Anatenga kabuku ka masamu kamene kanali kokoloweka pa msomali, nalembamo tsiku ndi makapu 16 amenewo. Analembanso botolo la palafini ndi mitolo iwiri ya nkhuni. Mmodzi wa amai aja anafunsa cifukwa cake alemba. Iye anati ufa si wake, ndipo ciliconse cimene cicoka m'khichini popanda ndalama yake cimadulidwa pa malipiro ake kumapeto kwa mwezi. Analankhula zimenezi monga munthu wonena kuti kunja kwazizira, napitiriza nchito.

Anatsala makapu 24. Akhukhi anatuluka pakhonde nafunsa kuti ndani ali ndi thumba la ufa pamwamba pa basi. Kunangoti zii. Muyenera kumvetsa, inu owerenga, kuti anthu aja sanali oumira. Thumba lililonse linali ndi mudzi umene unali kuliyembekeza, ndipo ena analigula ndi ngongole. Akhukhi sanakalipe ndipo sanalalikire. Anangonena masamu ake poyera.

"Sindifuna thumba la munthu. Ndamva kuti matumba alipo asanu ndi limodzi. Ndipempha makapu anai pa thumba lililonse. Thumba lili ndi makapu oposa 80. Amene mukuwapititsira adzaperewera nsima ya tsiku limodzi cabe. Ndidzapima inu mukuona, ndipo ndidzasoka ndekha."

Ndimakhulupirira kuti akadangoti "thandizani ndi kamene muli nako", tikadagona ndi njala. Munthu amaopa kutsegula thumba cifukwa sadziwa pamene kupempha kudzathera. Koma makapu anai ndi cinthu cooneka malire ake. Amai ena a ku Chawama ndiwo anayamba kubvomera, kenaka abambo ena awiri. Ine mtima unali phaphapha, mau a amai ali m'khutu. Ndinaganiza za ambuya, ndinaganizanso za kamwana kena kamene kanali kulira mosalekeza kucokera pa Luangwa, mai wake mkaka utacepa. Ndinaimika dzanja. Tinabwerera kubasi ndi mlonda ndi beseni lalikulu, akhukhi ali ndi singano yosokera masaka m'thumba la jekete.

Tisanapite kubasiko, iye anali atateleka kale theka la dramu la madzi pa mafuwa. Cakudya coyamba cimene anthu analandira cinali tiyi wopanda mkaka, wa shuga wocokera m'zikwama za anthu atatu, ndi buledi amene anthu ananyamula, wodulidwa mopyapyala kwa ana okha. Tiyi ameneyu anagwira nchito zingapo. Usiku wa Ogasiti kumapiri kumazizira, ndiye anthu anafunda. Ana analeka kulira. Ndiponso madzi a pamalopo anali a pacitsime cimene cinali citatsika kwambiri ndi cilala, otuwa, ndipo akhukhi sanafune kuti munthu amwe osawiritsa. Ife a ku Lusaka tinali titaona kolera mu 1990 ndi 1991, cotero palibe anatsutsa. Koma cacikulu n'cakuti munthu amene wagwira kapu yotentha m'manja amatha kudikira ola lina osacita mkangano.

Nkhani ya ndiwo inatenga nthawi. Amai ena anapereka nyemba zouma zimene anagula ku Soweto Maketi. Akhukhi anathokoza nakana. Nyemba zosanyika zifuna maola atatu pamoto, nkhuni n'zocepa, ndipo nyemba zosapsa zimatsegula m'mimba, pamalo pamene cimbudzi cinali cimodzi. Bambo wina wobvala tayi, amene ulendo wonse ankawerenga nyuzipepala, anaona nkhuku ziwiri zili pa mtengo kuseri, naitanira akhukhi pambali. Ndinamva zonse cifukwa ndinali kuwaza nkhuni pafupi. Anati alipira mtengo uliwonse kuti amuphere imodzi, adyere m'cipinda.

"Bwana, nkhuku ndingakuphereni mawa m'mawa, mwini wake akabwera. Usiku uno moto ndi umodzi. Fungo la nkhuku likafika pakhonde paja, ana 14 aja mudzawayankha ndinu?"

Bamboyo anaseka mwamanyazi, ndipo, kunena zoona, ndiye anapereka ndalama zambiri pambuyo pake. Akhukhi anatiuza ife anyamata kuti nkhuku ziwiri pa anthu 67 si ndiwo koma ndeu, cifukwa wina adzapeza ciwalo, wina msuzi cabe. Ndiwo ya gulu iyenera kukhala yoti cipande ciliconse cifanane ndi cinzake.

Ndiwo yotere ndi kapenta. M'basi munali amai ena ogulitsa kapenta wa ku Siavonga, amene anali kupita naye ku msika wa ku Chipata. Akhukhi sanawapemphe kuti apereke caulere, pakuti ameneyo anali mpamba wao. Anagwirizana nao mtengo wa mbale zinai zodzaza, pafupifupi makilogalamu awiri, kuti adzalipidwa anthu akasonkha. Analembanso m'kabuku. Panapezekanso makabichi atatu, anyezi pang'ono, matimati ofewa amene anaphwanyika paulendo, ndi theka la botolo la saladi.

Kapenta anamuviika m'madzi ofunda kwa mphindi zocepa, namutsukuluza kawiri, akumunyamula ndi manja kucoka m'madzi m'malo mokhuthula madziwo, kuti mcenga utsale pansi pa beseni. Anamukazinga m'mafuta ocepa mpaka anauma n'kufiira, kenaka anaika anyezi, matimati, ndi madzi ambiri kuposa amene amai anga akadalola kunyumba. Kuti msuzi usakhale madzi enieni, anasungunula ufa wodzaza dzanja m'madzi ozizira nathiramo. Mcere anaika pomalizira atalawa, cifukwa kapenta wina amabwera ndi mcere wake. Kabichi anatiuza kuti tidule mopyapyala ngati udzu, kuti apse msanga ndi kuoneka wambiri, ndipo anamuphika payekha.

Tsopano nsima. Amene munaphikako nsima ya anthu asanu okha mungaganize kuti ya anthu 60 ndi yomweyo, kungokulitsa mphika. Si conco ai. Akhukhi anali ndi miphika iwiri ya malita 20, ndipo anakana kuidzaza. Mumphika uliwonse anaika madzi pafupifupi malita 12 ndi ufa makapu 10, nsima ya anthu 15. Miphika iwiri, maulendo awiri, makapu 40 akwana. Mnyamata mnzanga anafunsa kuti bwanji osaphikira m'dramu kamodzi n'kuthana nazo. Akhukhi anati dramu lifuna mthiko wautali ngati nkhafi ndi anthu ozolowera, ndipo munthu wosazolowera amasiya ufa wauwisi pansi pamene pamwamba paoneka bwino. Ndiponso mphika umodzi ukapserera, onse agona ndi njala, koma pa miphika inai ungataye umodzi anthu n'kudyabe.

Madzi anacokera m'dramu lija, otentha kale, ndipo ici cinapulumutsa nthawi yambiri. Koma ufa wouma suthiridwa m'madzi owira, umapanga timibulu tokhala ndi ufa wauwisi mkati. Cotero anayamba wasungunula makapu atatu m'beseni la madzi ozizira, nathira mumphika akutakasa, mpaka phala linagwirana. Anabvundikira nalisiya libwate. Apa ndi pamene anthu anjala amalakwitsa, pakuti pakhonde anali atayamba kale kufunsa kuti nsima ili pati. Ufa wacikasu wa rola unali wokhakhala, ndipo unkafuna nthawi yoposa ufa woyera wa kumudzi. Akhukhi analisiya phalalo mphindi 20 zathunthu. Anati nsima imapsa pa phala, ufa wothira pambuyo umangolimbitsa. Phala likafulumizidwa, ngakhale ubvundule mpaka thukuta, nsima idzanunkha ufa, idzamata m'manja, ndipo anthu adzadzuka ndi m'mimba mowawa.

Phala litapsa, anapatulako mbale ziwiri, nathira shuga, natumiza kwa ana aang'ono ndi kwa mai woyamwitsa uja. Anapatulanso lina m'kabeseni naika pambali. Limeneli, anatero, ndi lofewetsera nsima ikalimba kwambiri, cifukwa madzi ozizira othira pamapeto amaononga nsima. Kenaka anacepetsa moto posolola nkhuni ziwiri, nayamba kuthira makapu asanu ndi awiri otsala, imodzi imodzi. Mmodzi wa ife anagwira mphika ndi cisaka kuti usagwe pa mafuwa, wina anabvundula, amai aja akuwaza ufa. Mthiko unayenera kufika pansi ndi kukanikizira nsima kukhoma la mphika, osati kungozungulira pakati. Ine ndinabvundula mphindi zitatu cabe, mapewa anayaka moto, ndipo akhukhi, munthu wa zaka zoposa 60, analanda mthiko namaliza ngati akusewera. Anabvundikiranso mphindi zisanu pa makala okha. Poyesa, ananyowetsa dzanja nakhudza pamwamba. Nsima sinamate, ndipo inatulutsa mpweya ndi kamau kakuti fuu. Anati yapsa.

Mbale zinali zosakwana 30, ndiye panalibe zoti aliyense adye payekha. Anatikhazika asanu asanu, gulu lililonse ndi mbale ya nsima ndi mbale ya ndiwo. Poomola ankanyika cipande m'madzi, ndipo mitanda yonse inali yofanana, iwiri pa munthu wamkulu. Ndiwo anagawa yekha, sanalole wina kugwira cipande cimeneco. Asanayambe kugawa, anapatula kapenta ndi kabichi wa miphika yaciwiri nabisa pansi pa thebulo. Anati maso a wogawa amanyengedwa ndi mphika wodzaza, oyamba amalandira zambiri, otsiriza n'kupeza msuzi wokha.

Kusamba m'manja nakonso anakuyang'anira. Mwambo umene tinakulira ndi wa beseni limodzi loyenda kucokera kwa wamkulu kufika kwa mwana, amene amasamba m'madzi akuda kale. Akhukhi anandipatsa jagi ndi kacidutswa ka sopo, nati ndithirire munthu aliyense madzi ofunda, beseni lili pansi lolandira. Agogo ena aamuna anadandaula kuti zimenezi n'zacizungu, koma anatambasula manja. Masiku ano, pambuyo pa kolera ya ku Kanyama mu 2017 ndi 2018, ndi ija ya 2024 imene odwala anagonekedwa pa bwalo la Heroes, kuthirira kotere kwafala m'maliro ndi m'maukwati. Nthawi imeneyo kunali kwacilendo.

Miphika yoyamba inapsa ca m'ma 10 koloko. Anadya ana, amai ndi okalamba. Amai ena a bungwe la kuchalichi anapemphera mwacidule, ndipo pakhonde panangomveka kutafuna. Pa miphika yaciwiri, mbale yoyamba inapita kubasi kwa adalaivala ndi amene ankalonda katundu, itakulungidwa m'citenje kuti isazizire. Akhukhi anati munthu amene sakuoneka ndiye amaiwalika, ndiye ayambe ndiye. Amuna ndi anyamata tinadya 11 koloko itapitirira. Nsima yacikasu ija ambiri tinkainyoza ku Lusaka cifukwa ca fungo lake, koma usiku umenewo m'mbale simunatsale kanthu. Akhukhi anadya pomalizira, ataimirira, nkhoko za mumphika ndi msuzi umene anapukuta ndi cala. Miphika anaithira madzi kuti nkhoko zotsala zifewe, ndipo m'mawa zinasanduka phala la ana.

Za ndalama sanachule mpaka onse atadya. Ndi pamene anaimirira pakhonde ndi kabuku kake nawerenga mokweza zimene zinagwiritsidwa nchito: kapenta wa amai aja mtengo wake wakuti, ufa wa mwini nyumba makapu 16, palafini, nkhuni. Anati amene anapereka ufa, shuga kapena saladi alipira kale. Kenaka anaika mphika wobvundikira kuseri kwa citseko ca khichini, kumene kuwala kwa nyali sikunafike, nati aliyense apite yekha akaikemo cimene angathe. Ndinaona mtsikana wina wa msinkhu wanga, amene poyamba anakana kudya ponena kuti sali ndi njala, akupita kuseri kuja monga ena onse nabwerako. Ngati anaikamo kanthu kapena ai, adziwa ndi iye yekha. Panthawiyo m'pamene ndinamvetsa cifukwa cake akhukhi anamuumiriza kudya asananene za malipiro.

Amai anagona m'zipinda ndi ana, anai kapena asanu pa cipinda, ena pansi. Amuna tinagona pakhonde ndi m'khichini mozungulira moto. Tulo sitinabwere msanga, ndipo akhukhi anaceza nafe za ku Kalingalinga, za masiku amene ankayenda pansi m'bandakuca kupita kunchito, ndi za maphwando a mabwana kumene anthu 20 ankasiya nyama yokwana mudzi. Anati masamu a makapu sanawaphunzire kumeneko, anawaphunzira m'maliro a m'komboni, kumene sudziwa kuti kubwera anthu angati ndipo ufa ndi wosonkha.

M'mawa anawerenga ndalama pamaso pa amai awiri aja ndi bambo wa tayi. Analipira kapenta poyamba, yense. Zotsala zinakwana palafini, nkhuni ndi ufa makapu 10. Makapu asanu ndi limodzi analibe ndalama yake. Mwini nyumba anafika pa njinga ca m'ma 7 koloko, naona khamu pabwalo pake, nkhope inasintha. Analowa m'khichini ndi akhukhi, ndipo tinamva mau okwera. Nkhani yake inali yakuti anthu 60 agona m'nyumba yake osalipira zipinda. Akhukhi anamuonetsa kabuku. Amai a ku Chawama aja, amene sanali munthu woopa, analowa osaitanidwa nati ngati bvuto ndi makapu asanu ndi limodzi, matumba ndi asanu ndi limodzi, aliyense aonjezere kapu imodzi. Bambo wa tayi analipira zipinda ziwiri, nagulanso nkhuku ija, imene inaphikidwa n'kugawidwa kwa ana. Mwini nyumba anatonthola, ngakhale sanaseke. Cotero thumba la ambuya linatsegulidwa kaciwiri, ndipo linacoka pamenepo litaperewera makapu asanu.

Kondakitala anabwera masana ndi makanika, ndipo tinanyamuka dzuwa litapendeka. Akhukhi sanabwere kudzatsazikana nafe kubasi, anali kukweca miphika ndi phulusa. Nditadutsanso pamenepo patapita zaka zinai, nyumbayo inali itasanduka sitolo, ndipo wogulitsamo anati madala aja anapita kwa ana ao. Mabasi akupitirizabe kugona panjira, makamaka kucokera mu 2016 pamene boma linaletsa mabasi kuyenda usiku, koma tsopano anthu ali ndi mafoni, ndipo pa Luangwa pali nsomba zokazinga ndi malo odyera ambiri. Muyeso wa makapu awiri pa anthu atatu ndimaugwiritsabe nchito ku Mtendere pakagwa maliro. Ndimangoonjezera makapu asanu pa anthu 60 alionse, cifukwa pamaliro anthu amabwerabe pamene mwawerenga kale.

Ndinafika kwa ambuya usiku, ndipo thumba analiona m'mawa. Anayendetsa cala pa msoko, nandiyang'ana.

"Uku si kusoka kwa mwana wanga. Wasoka apa ndani?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa kilachi mpaka pa kapu yacisanu. Ambuya anamvetsera osandidula. Kenaka ananyamula thumbalo pang'ono kuyesa kulemera kwake, nafunsa kuti ndiwo inali ciani. Nditati kapenta ndi kabichi, anafunsa ngati anthu onse anadya. Ndinati onse, mpaka adalaivala.

"Mwamuna, kuphikira anthu onsewo? Nsima yake inapsa?"

"Inapsa, ambuya."

"Hmm. Kasoke kake n'kabwino. Tenga mpeni, udule bwino, ulusiwo ndiufuna."